Mamendulo ndi mabatani a m'chitini cha agogo

"Abale ndithandizeni. Pokonza nyumba ya malemu agogo kuno ku Nkhotakota tapeza chitini muli mamendulo atatu, baji imodzi ndi mabatani. Akuluakulu akuti agogo anamenya nkhondo ya Ajeremani ku Karonga. Koma nyenyeziyo kumbuyo kulibe dzina, ena akuti ndi yabodza. Zithunzi ndi izi."

Achemwali, zithunzi zanu ndaziona bwino, ndili kuno ku Salima. Nyenyeziyo si yabodza, ndipo musalole munthu akutengereni pa mtengo wa bonya chifukwa cha mawu amenewo. Chimene ndikuona ine n'chakuti m'chitini mwanumo muli nkhondo ziwiri, mwinanso anthu awiri.

Tiyambe ndi nyenyeziyo. Werengani nsonga zake: zilipo 6. Pakati pali zilembo zopiringizana ndi chisoti chachifumu pamwamba, ndipo m'mawu ozungulirawo mukuwerengeka BURMA. Imeneyi ndi ya nkhondo yachiwiri, ya amene anatumikira ku Burma pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Asilikali a Keyala, gulu lankhondo la atsamunda lija la King's African Rifles, ochokera ku Nyasalande anapitadi kumeneko, ndipo mu 1944 anamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw, m'matope a dzinja. Kumbuyo n'kosalala chifukwa boma la Britain linapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri osalemba maina. Maiko ena monga South Africa, India ndi Australia ndiwo ankadinda maina pa awo. Choncho nyenyezi ya Burma yopanda dzina yopezeka m'nyumba ya Mmalawi ndi mmene iyenera kukhalira. Ikanakhala nyenyezi ya nkhondo yoyamba ija ya Chiwaya, ikanaoneka mwina: nsonga zinayi, malupanga awiri opingasana pakati, zaka 1914-15, ndipo kumbuyo kukanakhala nambala ndi dzina la mwiniwake.

Mendulo yozungulira ya mkango woponda chinjoka cha mitu iwiri, yolembedwa 1939 ndi 1945, ndi mnzake wa nyenyeziyo. Inkaperekedwa kwa aliyense wovala yunifolomu amene anatumikira masiku 28 kapena kuposa. Imaoneka ngati siliva koma si siliva, ndi chitsulo chosakaniza mkuwa ndi nikelo, chonga cha ndalama zachitsulo. Nayonso ilibe dzina. Palibe zambiri zoti ndinene pa iyo.

Yachitatu ija, yakuda bii, imene munaiika kumapeto kwa chithunzi ngati yosafunika, ndi imene yandikhazika pansi. Mbali ina pali mfumu ya ndevu yosavala chisoti, ameneyo ndi George V. Mbali inayo pali munthu wokwera hatchi atagwira lupanga, ndi zaka 1914 ndi 1918. Iyi ndi mendulo ya nkhondo yoyamba, ndipo yada choncho chifukwa ndi siliva weniweni. Siliva akakhalitsa amada. Tsono chitani ichi. Igwireni choimika ngati tayala la njinga, muyang'ane m'mphepete mwake, mbali ya pansi. Tulukani nayo panja m'mawa dzuwa lisanakwere, kuwala kuzibwera cham'mbali, muizungulitse pang'onopang'ono. Muona tizilembo tating'ono todinda. Timayamba ndi nambala ya msilikali, kenaka udindo wake mwachidule, kenaka dzina, pomaliza gulu lake. PTE ndi msilikali wamba, CPL ndi kopolo, SJT kapena SGT ndi sajeni. Mukaona K.A.R. ndiye Keyala, ndipo nambala yotsogola monga 1 kapena 2 ikusonyeza bataliyoni. Keyala itakhazikitsidwa mu 1902, bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno kwathu, yachitatu ya ku Kenya, yachinayi ya ku Uganda.

Dzinalo lisakudabwitseni likakhala lolembedwa mokhota. Ankalemba ndi makalaliki, monga analimvera m'khutu, ndipo anthu ambiri ankalembetsa dzina limodzi lokha, kapena dzina lawo ndi la bambo awo, osati la mfunda limene banja likudziwika nalo lero. Kwanu kunyanjako, kumene maina a Chisilamu ndi ambiri, dzina limodzi limatha kulembedwa njira zingapo. Liwerengeni mokweza pamaso pa munthu wamkulu kwambiri wa m'banja mwanu, ndiye angalizindikire.

Apa ndiye pali nkhani ya Karonga. Nkhondo ya ku Karonga inachitika mu Seputembala 1914. Munthu amene anali ndi zaka 20 nthawi imeneyo akanakhala ndi zaka 50 pofika 1944, ndipo wa msinkhu umenewo kukakwera mapiri a ku Burma ndi mfuti n'kovuta. Tsono werengani zaka za agogo anu. Ngati anabadwa cha m'ma 1920, nyenyezi ndi mendulo ya mkango ndi zawo, koma ya hatchiyo ndi ya wina wamkulu kwa iwo, kaya bambo awo, kaya malume awo, poti kwathu kuno katundu wa malume amagwera mphwake. Akuluakulu anu sakunama ayi. Nkhani za anthu awiri zangolowana pakamwa, monga zitsulo zawo zinalowanirana m'chitini. Komabe mendulo ya hatchiyo payokha siikunena kuti mwiniwake anali ku Karonga. Ikungonena kuti anatumikira pa nkhondo imeneyo, ndipo ambiri analembedwa usilikali mochedwa, mu 1916 kapena 1917. Amene analipo kuyambira pachiyambi ankalandiranso nyenyezi ya malupanga ija. Ndiponso mendulo ya hatchi ya munthu amene anafika kunkhondo siyenda yokha, imakhala ndi inzake yofiirira ya mkazi wamapiko, ya riboni wa mitundu ya utawaleza, dzina lomwelo m'mphepete. Funsani kwa azakhali ndi kwa asuweni. Pa maliro zinthu zotere zimagawidwa, wina iyi wina iyo.

Tibwere ku mabatani. Ambiri amangoyang'ana kumaso kwa batani, koma ine ndimayamba ndi chisoti, kenaka ndimatembenuza. Chisoti chachifumu chimanena nthawi. Cha mafumu aamuna, kuyambira 1902 mpaka 1952, pamwamba pake n'pozungulira ngati mphika wovundikira. Cha Mfumukazi Elizabeth, kuyambira 1953, chili ndi mapewa awiri otukuka ndipo pakati n'polowa pansi, ngati mtima umene ana amajambula. Cha Mfumukazi Victoria, cha 1901 kubwerera m'mbuyo, nachonso n'cholowa pakati koma mapewa ake ndi otambalala, ochita ngati ngodya. Mabatani anu anayi a mkuwa aja, a mkango mbali ina ndi hatchi ya nyanga imodzi mbali ina, ali ndi chisoti chozungulira. Ndiye ndi apakati pa 1902 ndi 1952, ndipo apa ndi pamene batani limathera nzeru: nkhondo zonse ziwiri zili m'kati mwa zaka zimenezo. Ndiponso chithunzi chimenecho n'cha ufumu wa Britain wonse, ankavala magulu ambirimbiri. Sichingakuuzeni bataliyoni, sichingakuuzeni ngati ndi a agogo kapena a mwini mendulo ya hatchi.

Kumbuyo kwa batani lenileni la yunifolomu kumakhala kamphete ka waya wolimba, ndipo mozungulira pamadindidwa dzina la opanga, kawirikawiri Firmin kapena Gaunt a ku London, kapena mafakitale a ku Birmingham. Lina mwa anu, lonyezimira lija, ndikulikayikira. Liikeni m'dzanja limodzi, la mkuwa m'dzanja lina. Likapepuka ngati chitsekero cha botolo, ndipo silinachite dzimbiri lobiriwira, ndi la aluminiyamu. Otere anayamba m'ma 1950, opangidwa kuti asilikali asamavutike kupukuta. Si la ku Burma limenelo. La nangula lija ndi la ntchito za pamadzi, ndipo kwa anthu a kunyanja ngati inu n'zosadabwitsa, mwina wina m'banjamo anagwirapo ntchito m'sitima. Koma onani ngati pamwamba pa nangulayo pali chisoti. Popanda chisoti, popandanso dzina kumbuyo, likhoza kukhala la jekete wamba wa pakaunjika, poti opanga zovala amakonda kuika nangula pa mabatani.

Baji ya lipenga ndi chisoti ikugwirizana ndi Keyala, chifukwa lipenga lopindika ndi chizindikiro cha magulu a mtundu umenewo. Koma magulu a lipenga analipo ambiri, ndiye werengani mawu kapena nambala imene ili pamenepo musanatsimikize. Mukaona kambuku ataima pa mwala, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, chimenecho chinali chizindikiro cha boma la Nyasalande, ndipo chingakhale cha ntchito ina ya boma osati usilikali. Itembenuzeninso bajiyo. Yodinda ndi makina kumbuyo imaonetsa chithunzi chomwecho cholowa m'kati, chakuthwa bwino. Yothira m'chikombole kumbuyo imakhala yokhakhala, ya timaenje ngati tsabola wosinja. Pa mabaji a ku Ulaya kukhakhala kumeneko kumachititsa anthu kukayikira, koma pa a kuno musafulumire, chifukwa nthawi ya nkhondo mabaji ena ankathiridwa ndi amisiri kufupi ndi kumene asilikali anali. Pa mendulo ndiye ayi. Mendulo yeniyeni ndi yodinda, zilembo zake n'zoyera. Ikakhala ndi timaenje, kapena kamzere kozungulira m'mphepete ngati pamene zidutswa ziwiri zinakumana, ndi yokopera.

Chonde musazikweche. Ine ndinalakwitsapo ndili mnyamata. Ndinatenga mendulo ya malume anga n'kuikwecha ndi phulusa ndi mchenga wa kunyanja monga timachitira ndi mapoto, kuti akaione ikuwala. Inawaladi, koma manambala awiri a m'mphepete anafufutika, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ina inali 3 kapena 8. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wofewa zakwana, kenaka muumitse bwinobwino. Ndimu, viniga, polishi wa zitsulo ndi sitiliwulu ayi. Zichotseninso m'chitinimo, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimadyetsa chitini dzimbiri, dzimbirilo n'kudetsa zonse. Kulungani chilichonse pachokha m'kansalu ka thonje kouma. Ngati pansi pa chitinipo pali tizidutswa ta riboni, ngakhale tothetheka, musataye. Wa Burma ndi wofiira pakati, m'mbali wabuluu wakuda wokhala ndi mzere wa mtundu wa lalanje. Mukapezamo wina wotuwa ngati mchenga, wofiira pakati, ndiye kuti panalinso nyenyezi ya Africa imene inasowa, ndipo agogo asanapite ku Burma ayenera kuti anadzera ku Somaliland kapena ku Abisiniya mu 1940 ndi 1941.

Za mtengo, poti ndikudziwa kuti ena akuvutitsani kale kuinibokosi: mulibe golide m'menemo. Nyenyezi za Burma zinapangidwa zochuluka kwambiri, payokha siigula ngakhale mbuzi. Chimene osonkhanitsa amafuna ndi ya dzina ija, ndiponso zonse zikakhala pamodzi ndi mapepala ake. Ndiye fufuzani m'sutikesi ndi m'kati mwa mabuku akale, mwina muli kabuku ka malipiro kapena chikalata chotulukira usilikali. Pa mamendulo opanda dzinawo, pepala limenelo ndilo lokhalo lingawamangirire kwa agogo anu.

Mukawerenga za m'mphepetezo, jambulani m'zigawo zitatu kapena zinayi mukuizungulitsa, foni isagwedezeke, mutumize pompano. Nambala ndi zilembo za gulu ndi zimene ndikufuna kuona kwambiri.