Kotesheni ya tsamba limodzi ikutuluka masamba atatu pa A4

"Abale, ndinatenga fomu ya kotesheni ya Excel pa intaneti yolembera makasitomala anga a penti. Ndikakapulinta ku kafe ya ku Rosettenville, mitengo ikutuluka payokha pa tsamba lachiwiri, kenako tsamba lopanda kanthu, ndipo onsewo akundilipiritsa. Nditani?"

Achimwene, musakangane ndi a pa kafe, vuto lili m'fayilo. Mafomu ambiri a pa intaneti anapangidwira pepala la ku Amereka lotchedwa Letter, pomwe kuno ku Joni, monganso kumudzi, mu pulinta mumakhala A4. Letter ndi masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali. A4 ndi 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Ndiye kuti A4 ndi wamtali koma wowonda, ndipo kuwondako, komwe sikukwana ndi sentimita imodzi yomwe, ndi kumene kukukudyerani ndalama.

Excel imasiya malire a masentimita 1.78 kumanzere ndi kumanja. Mukawachotsa, pa Letter pamatsala malo olembapo okwana 18.03, koma pa A4 pamatsala 17.44 basi. Tinene kuti tebulo lanu ndi la masentimita 18 m'lifupi. Pa Letter linkakwana ndendende, pa A4 lasefukira. Tsono Excel siidula kolamu pakati. Ikaona kuti kolamu yomaliza yaperewera malo ngakhale pang'ono, imainyamula yonse n'kuiponya pa tsamba lina, ndipo pa kotesheni kolamu yomaliza ndi ya mitengo ija.

Tsegulani fayilo, pitani pa Page Layout, dinani Size, sankhani A4. Kenako pitani pa View musankhe Page Break Preview. Muona mzere wabuluu wodukaduka utatsika pakati pa tebulo, ndipo chilichonse chili kumanja kwake ndicho chikupita pa tsamba lachiwiri.

Njira imene ndimaikonda ndi yochepetsa malire, chifukwa zilembo zimakhala mmene zinalili. Pa Page Layout dinani Margins, kenako Custom Margins, mulembe 1.4 pa Left ndi 1.4 pa Right. Malo olembapo afika 18.2, tebulo la 18 lilowa, mzere wodukaduka uja usunthira kunja. Ngati kompyutayo ikuwerenga mu mainchi, lembani 0.55. Koma musafinye malire mpaka ziro pofuna malo ambiri, popeza mapulinta ambiri safika kumphepete kwenikweni, amasiya mamilimita anayi kapena asanu osalemba, ndipo manambala akumapeto adzadulidwa.

Tebulo likakanabe, pa Page Layout pomwepo pali Width ndi Height. Ikani Width pa 1 page, Height muisiye pa Automatic. Pa tebulo la 18 lija, malire akadali pa 1.78, Excel ichepetsa zonse kufika pafupifupi 96 peresenti, moti kasitomala sangaone kusiyana. Chenjerani ndi Fit Sheet on One Page. Lero kotesheni ndi yaifupi, ioneka bwino, koma tsiku limene mudzalembe ya nyumba yonse, mizere 90, idzaipanikiza pa tsamba limodzi zilembo n'kukhala ngati nyerere.

Tsamba lopanda kanthu lija ndi nkhani ina. Excel imapulinta mpaka pa kabokosi komaliza kamene muli chinthu, ngakhale chinthucho chikhale mpata umodzi umene wina anadina mwangozi kutali ndi tebulo. Inu simuuona, koma Excel ikuuwerenga. Musavutike kuusaka. Sankhani ndi mbewa kuyambira pa dzina la bizinesi mpaka pa malo osainira, mwachitsanzo A1 mpaka F42, ndiye Page Layout, Print Area, Set Print Area. Zakunja kwa mpandawo sizipulintidwanso. Kumbukirani chabe kuti mukadzawonjezera mizere kunsi kwa 42 muyenera kuikanso Print Area, apo ayi mizere yatsopanoyo siidzatuluka. Ndipo ngati fayilo ili ndi matsamba angapo kunsi kuja, kotesheni kwina invoisi kwina, lililonse lili ndi kukula kwa pepala kwakekwake, mukonze limodzilimodzi.

Musanachoke pa kompyuta dinani Ctrl+P muyang'ane kunsi kwa chithunzicho. Pakhale 1 of 1. Mukatero sungani ngati PDF, ndipo ku kafe muzipita ndi PDF, osati fayilo ya Excel. Excel imayeza masamba modalira pulinta imene yalumikizidwa pa kompyutayo, choncho fayilo yokwana bwino kwanu itha kusefukiranso pa makina a ku kafe. PDF siisuntha. Itseguleni mu Acrobat Reader, dinani Ctrl+D muone Page Size: ikhale 210 x 297 mm, kapena 8.27 x 11.69 in. Mukaona 8.50 x 11.00, ikadali Letter, bwererani pa Size. Populinta auzeni asankhe Actual size, kuti asakuchepetserenso kachiwiri zimene mwayeza kale.