Kalata ya kwa aphunzitsi yokhudza mankhwala a mwana

"Amayi anzanga thandizeni. Wanga wa Sitandade 1 amupatsa amokisisilini wamadzi, katatu pa tsiku kwa masiku 5. Amaweruka 3 koloko, ndiye wamasana azimwera kusukulu. Ndilembe chiyani kwa aphunzitsi?"

Mayi, musalembe mawu akuti "supuni imodzi". Musayerekeze n'komwe. Nkhani imeneyi imandiwiritsa magazi chifukwa mawu awiri amenewa ndi amene amagonetsa ana kuchipatala popanda chifukwa. Supuni imene akunena a kuchipatala ndi ya 5 ml. Supuni imene ili mu ofesi ya aphunzitsi ndi yodyera phala kapena mpunga, ndipo yaikulu ija imatha kulowa 15 ml. Ndiye kuti mwana wamwa milingo itatu pakamodzi, aphunzitsi akuganiza kuti atsatira kalata yanu bwinobwino.

Imvani mmene zimathera. Mayi wina anaopa kuti mwana aswa botolo, ndiye anapungulira mankhwala pang'ono m'kabotolo kena kopanda cholemba chilichonse, n'kuika m'chikwama pamodzi ndi kapepala kakuti "Madamu, mum'mwetse supuni imodzi masana". Madamu aja anam'mwetsa pa buleki ndi supuni yawo yaikulu, kenako anaitanidwa kumsonkhano. Kalasi inatsala ndi aphunzitsi ena. Iwo ataona kapepala patebulo anafunsa mwana ngati wamwa kale, mwana wa zaka 6 amene mankhwalawo akumukomera ngati juwisi, n'kupukusa mutu. Anam'mwetsanso. Pasanathe nthawi mwana wayamba kugwira m'mimba, wasanzira pa desiki, wasanzanso pakhonde, yunifolomu yonse pepepe, anzake akukuwa. Foni ya amake ili pa chaja kunyumba, iwo ali kumsika. Anamukweza pa kabaza mpaka kuchipatala, ndipo kumeneko mafunso anali atatu okha: wamwa mankhwala anji, ochuluka bwanji, nthawi yanji? Palibe anayankha ngakhale limodzi. Aphunzitsi angogwira kabotolo ka madzi apinki kopanda dzina. Adokotala sangachize kabotolo kapinki, mankhwala apinki ndi ambirimbiri. Mwayi wake anali amokisisilini, amene akachuluka kawirikawiri amathera pa kusanza ndi kutsekula m'mimba. Akanakhala panado nkhani ikanakhala ina, poti ameneyo akapyola mlingo amawononga chiwindi mwakachetechete, mwana akuoneka ngati ali bwino tsiku loyamba.

Ndiye mumve zimene anayankhula a kusukulu amake atafika: "Ife si madokotala." Si madokotala inde, nanga bwanji munalandira kabotolo kopanda dzina? Bwanji simunalembe penapake kuti mwana wamwa? Munthu wamkulu kufunsa kamwana ka Sitandade 1 ngati kamwa mankhwala! Enanso ondinyansa ndi aja a pawindo la mankhwala amene amangokhwatcha 1x3 pabotolo, osakuyang'ana ndi kumaso, n'kuitana wotsatira. Imodzi ya chiyani? Supuni? Kapu? Musachoke pawindopo asanakuuzeni ma ml, ngakhale a pamzere akudandaule.

Tsono tengani botolo lanu, likhale patsogolo panu polemba, muzikopera osati kulemba za m'mutu. Dzina la mankhwala likopereni chilembo ndi chilembo monga lalembedwera. Pafupi ndi dzinalo pali manambala, ndipo apa ndi pamene ambiri amadumpha. Amokisisilini wamadzi amabwera wamphamvu zosiyana: wina amalemba 125 mg/5 ml, wina 250 mg/5 ml. Mabotolo amatha kufanana, mtundu wa madzi kufanana, koma 5 ml ya wachiwiriyo ndi kawiri ya woyambayo. Kwa aphunzitsi nambalayi ilibe ntchito kwenikweni, koma tsiku limene mwana wathamangitsidwa naye kuchipatala, ndi imene adokotala amawerengera kuti wamwa zochuluka bwanji. Ngati pabotolo kapena m'buku la kuchipatala alemba tds, ndiye katatu pa tsiku, bd ndi kawiri. Zilembo zimenezo musazikopere m'kalata, lembani m'Chichewa.

Mlingo ulembeni mu ma ml, ndipo choyezera mupereke nokha. Kakapu kaja kobwera ndi botolo, kapena sirinji yopanda singano ya ku famase, imene ili yabwino kuposa zonse chifukwa sitaya. Pa mzere wa 5 ml matanipo katepi kapena jambulani ndi cholembera chosafufutika, kuti munthu asamachite kusinzinira kufunafuna mzere ana 60 akusokosera kumbuyo kwake.

Nthawi nayonso, "masana" si nthawi. Kwa wina masana ndi 10 koloko, kwa wina ndi 2. Mankhwala a katatu pa tsiku amafuna kutalikirana mofanana momwe mungathere, pafupifupi maola 8, kuti mphamvu yake isatsike m'thupi. Lembani ola lenileni, ndipo mulembenso ola limene inu mwam'mwetsa kunyumba. Lembaninso kuti kusukulu ndi kamodzi kokha. Mukangolemba "katatu pa tsiku" alipo amene angam'mwetse katatu konseko asanaweruke.

Masiku ali pawiri, ndipo anthu amawasokoneza. Pabotolo pali EXP ndi mwezi ndi chaka. Limenelo ndi tsiku lothera mphamvu la mankhwalawo akadali ufa wouma, usanathiridwe madzi. Akangothira madzi, mankhwalawo amakhala masiku ochepa, ambiri amalemba 7, ena 14 akakhala mu filiji, werengani lanulo. Choncho lembani pabotolo tsiku limene anasungunula, ndipo m'kalata tsiku loyamba ndi lomaliza kumwa. Mukapanda kulemba lomaliza, botolo limatsala mu diloo, mwezi wamawa mwana wina akatsokomola wina n'kukumbukira kuti "muja muli mankhwala".

Kalata yake ikhale yaifupi chonchi, pa tsamba limodzi, manambala musinthe agwirizane ndi botolo lanu:

"Aphunzitsi, ndine mayi ake a uje wa Sitandade 1, wa zaka 6, wolemera makilo 20. Akumwa mankhwala ochokera kuchipatala chifukwa cha matenda a m'khutu. Dzina lake ndi amokisisilini wamadzi, mphamvu yake 250 mg/5 ml. Ndikupempha kuti muzim'mwetsa 5 ml kamodzi kokha, 1 koloko masana, ndi sirinji imene ndapereka, mpaka pa mzere womata tepi. Muyambe mwakhutchumula botolo. Kunyumba amamwa 6 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku. Wayamba Lolemba pa 3, amaliza Lachisanu pa 7. Botolo likhale ndi inu pamalo ozizira, osati m'chikwama mwake, ndipo ndizilitenga poweruka. Mukaiwala kapena akasanza atamwa, musam'patsenso, mundiimbire. Mukaona zidzolo zoyabwa, kutupa milomo, maso kapena nkhope, kapena akupuma movutikira, thamangani naye kuchipatala pamodzi ndi botolo ndi kalata ino, muzindiimbira muli m'njira. Sanayambe wadanapo ndi mankhwala aliwonse. Musam'patse mankhwala ena musanandifunse. Nambala yanga ndi iyi, ya bambo ake ndi iyi. Zikomo kwambiri."

Musayine, mulembe tsiku. Kunsi kwake jambulani mizere isanu, Lolemba mpaka Lachisanu, kuti amene wam'mwetsa azilemba ola ndi kusayina. Kamzere kameneka ndi kamene kakanapulumutsa mwana uja, chifukwa wobwera kachiwiri amaona kuti mnzake wadutsapo kale. Manambala a foni akhale awiri, ndipo wachiwiriyo akhale munthu woyankha foni, osati malume a kumudzi kopanda netiweki. Kalatayo ijambuleni pa foni pamodzi ndi botolo, mbali yolembedwayo ioneke bwino.

Za kukhutchumula musazione ngati zazing'ono. Mankhwalawa ndi ufa woyandama m'madzi, ukakhala umadikha pansi. Osakhutchumula, masiku oyamba mwana amamwa madzi okhaokha, omaliza amamwa phala lokhathamira. Za kuzizira nazo, kalasi ya malata mu Okutobala ndi uvuni. Ngati sukulu ilibe filiji, botolo likhale mu ofesi ya ahedi m'kabati yokhoma, kutali ndi zenera. Ndipo lipite m'botolo lake lenileni, m'bokosi lake ngati lilipo, dzina la mwana ndi kalasi zitalembedwa pabotolo penipenipo osati pabokosi pokha. Bokosi limatayika.

Mzere wa zidzolo uja musaufupikitse. Amokisisilini ndi wa banja la penisilini, ndipo pali ana amene thupi lawo limadana nawo, nthawi zina ngakhale anamwapo kale popanda vuto. Chimbudzi chofewerako chimachitika kawirikawiri, chimenecho aphunzitsi angokuuzani poweruka. Koma kutupa ndi kubanika sizidikira belu. Ngati wanu anatulukapo ziwengo ndi mankhwala ena alionse, chotsani mzere wakuti sanadanepo ndi mankhwala, mulembe dzina lake ndi zilembo zazikulu, komanso mubwerere kuchipatala mukawauze asanamwenso.

Akakhala kuti akumwanso panado chifukwa cha kutentha thupi, ameneyo ndiye musamale kuwiri. Lembani m'kalata ola limene wamwa komaliza tsiku lililonse, kuti asam'patsenso pasanathe maola 4, ndipo asapyole kanayi pa maola 24. Sukulu zina zimasunga panado wawo n'kumagawa mwana akangoti mutu. Mankhwala ena a chimfine alinso ndi parasetamo mkati, amene ndi panado yemweyo, ndiye mwana amamwa kawiri chinthu chimodzi pa mayina awiri. Komanso mwana amene thupi likadali lotentha akukatani kusukulu? Agone kunyumba.

Kalata musam'patsire mwana, botolonso ayi. Pitani nokha tsiku loyamba, mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi ndi ahedi, muwaonetse mzere wa pa sirinji ndi maso awo, mufunsenso kuti iwo akajomba am'mwetsa ndani. Akakana kuti malamulo a sukulu yawo salola, musakangane nawo, bola wokana poyera kusiyana ndi wovomera n'kuiwala.

Koma kunena zoona mayi, ndikanakhala inu botololo silikanapita kusukulu n'komwe. Akuweruka 3 koloko eti? M'mwetseni 7 koloko musananyamuke, wachiwiri pageti pomwepo mukamamutenga, wachitatu cha m'ma 10 usiku, ngakhale kumudzutsa pang'ono. Ndi masiku 5 okha. Kapena mufunse amene anakulemberaniwo ngati angausinthe kukhala wa kawiri pa tsiku, poti nthawi zina zimatheka, koma asinthe iwowo, osati inu kuphatikiza milingo panokha. Kalatayo mulembebe, kuti akaona zidzolo adziwe chimene mwana akumwa, mungochotsamo mzere wopempha kum'mwetsa.