Pamutu pa imelo, yambani ndi nambala ya ntchitoyo

"Abale a m'gulu lino, ndakhala ndikutumiza maimelo ofunsira ntchito koma kuli zii. Kodi pamzere paja pa Subject ndizilembapo chiyani kuti azitsegula?"

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Chaka chatha esiteti ina ya tiyi kwathu kuno ku Mulanje inkafuna kalaliki wa ku sitolozi, ntchito yomwe ndinaigwirapo kwa zaka 4. Chilengezocho ndinachiona pa WhatsApp, chithunzi chosaoneka bwino, ndipo m'munsi mwake munali timawu tonena kuti pamutu pa imelo pakhale nambala ya ntchitoyo. Ine ndi changu, poti bandulo inkatha, ndinangotenga imelo yakale yomwe ndinatumizapo kwina n'kuitumizanso. Mutu wake unali `Fwd: Fwd: my documents`. Ndinkati bola sivi ndi masatifiketi zili m'katimo.

Patapita milungu itatu ndinamva kuti anzanga aitanidwa ku intavyu. Ndinabwereka ndalama ya minibasi kuchoka pa Chitakale, kutsika n'kukweranso kabaza, mvula ikuwaza. Pageti ndinaimapo ola lathunthu, envulopu itanyowa m'mphepete. Atandilowetsa, mayi wa mu ofesimo anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Analemba nambala ija pofufuzira, panatuluka maimelo ndandanda, yanga osaoneka. Kenako analemba dzina langa, ndi iyo apo, zilembo zake zikadali zakuda bii kusonyeza kuti sanaitsegulepo chitumizireni. Miyendo inangoti zii. Mayiwo anangoti, "Ife timatenga zomwe zatuluka pa nambala basi," n'kuyamba kuyankha foni ine ndili chiimire. Mpaka lero zimandipweteka. Munthu wabwera ndi mapepala onse, tsiku la intavyu lisanafike, kungotsegula kokha kukanawatengera mphindi zingati? Ndipo chofunika chonchi amachibisiranji pansi penipeni m'tizilembo ting'onoting'ono? Anthu ena akakhala pampando amaiwala kuti nawonso anafunsirapo ntchito.

Komabe tsikulo ndinaona mmene amagwirira. Adilesi imodzi imalandira makalata a ntchito zingapo nthawi imodzi, za madalaivala, alonda, makalaliki. Ndiye sawerenga imodziimodzi ayi. Amafufuza ndi nambala kapena dzina la ntchito, ena amachita kutchera kuti imelo iliyonse yokhala ndi mawu amenewo pamutu izigwera yokha mu foda yake. Yopanda mawuwo imatsalira mu chigulu pamodzi ndi zotsatsa malonda.

Pano ndimalemba chonchi:

```
SC/07 Stores Clerk - dzina lanu lonse
```

Nambalayo ndangopereka chitsanzo, inu mutenge ya pachilengezo, ndipo muikopere momwe ilili. Ngati pali kamzere kopendekera musakachotse, ndipo yang'anitsitsani ngati ndi ziro kapena chilembo O, chifukwa pachithunzi cha pa WhatsApp ziwirizi zimafanana. Dzina la ntchito nalonso likhale monga alembera iwo. Akati `Stores Clerk` musasinthe n'kulemba `Storekeeper`, wofufuzayo alemba mawu awo, osati anu.

Chifukwa choyambira ndi nambala n'chakuti pafoni mutu umaoneka pang'ono, zilembo mwina 30 kapena 40, kwinako umaduka. Mukayamba ndi `Application for the position of` ndiye kuti malo onse atha musananene ntchito yomwe mukufuna. Dzina lanu likhale kumapeto, lofanana ndi la pa satifiketi ya MSCE, kuti akafuna kukupezani mawa asavutike, makamaka ngati adilesi yanu ili ndi dzina lamasewera. Mawu ngati `URGENT` kapena `Please help me` asiyeni, samuuza munthu koika kalata yanu. Pakakhala palibe nambala, dzina la ntchito ndi lanu n'zokwana. Akapereka okha kalembedwe ka mutu, tsatani kawoko, kangaka kasiyeni. Ndipo nthawi zonse yambani imelo yatsopano. Musanatumize dzitumizireni nokha kaye muone mmene ikuonekera pafoni. Mukaona `Fwd:` kutsogolo kapena `(no subject)`, ikonzeni.

Koma ndisakunamizeni achemwali, mnyamata yemwe anatenga ntchito ija ndimamudziwa, anandiuza yekha kuti pamutu anangolemba `Job`, kungoti malume ake amagwira konko ndiye anakawauza kuti aitsegule. Ndiye lembani bwino, inde, koma pakatha masiku atatu imbani foni mufunse ngati yafika, muwatchulire mutu wake ndi tsiku lomwe munatumiza. Ngati simunaike nambala ndipo tsiku lotsekera lisanakwane, tumizaninso ina yokonzedwa bwino. Ngati chilengezo chikulolanso makalata apamanja, kasiyeni envulopu pageti ndipo mlonda akusainireni. Ine ndikanaimba mlungu woyamba uja ndikanatumizanso nthawi ilipo.