Maonekedwe a phiri lophulika amachokera ku chiphalaphala chake

"Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo mitundu itatu ya mapiri ophulika imandisokoneza: shildi, kompoziti ndi sinda koni. Ndikaloweza usiku, m'mawa zathawa. Kusiyana kwake kwenikweni n'kotani?"

Mwanawe, vuto ndi kulowezako. Ifenso anatiphunzitsa choncho: zithunzi zitatu pa bolodi, china chophwatalala, china chosongoka, china kakang'ono, kenako "koperani". Mphunzitsi wathu ankalanga aliyense amene wajambula phiri lopendekeka, koma nditafunsa chifukwa chake lina ndi lophwatalala, anandiuza kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndimati kuphunzitsa jogalafe kotereku ndi ulesi basi. Mwana amatuluka sukulu akuganiza kuti phiri lalitali lililonse linaphulikapo, ngakhale la Mulanje, pomwe mwala wake unazizirira pansi pa nthaka, n'kudzaonekera madzi atakokolola zofewa zozungulira.

Chimene tinabisidwa ndi ichi: maonekedwe a phiri amatsatira kulimba kwa chiphalaphala chomwe chinalimanga, ndipo kulimbako kumadalira kuchuluka kwa silika, chinthu chomwe chimapanganso mchenga wambiri, m'mwala wosungunukawo. Taganizira m'poto. Phala lamadzimadzi limabwata mwaulemu, nthunzi imangotuluka. Ukawonjezera ufa, nthunzi imasowa podutsa, ndiye phala limaphulika n'kukuwotcha dzanja.

Chiphalaphala cha silika wochepa, pafupifupi theka la kulemera kwake, chimatuluka chotentha kuposa madigiri 1,100 ndipo chimayenda makilomita ambiri chisanaume. Mpweya umathawamo mosavuta, choncho phiri silichita kuphulika mwaukali, limangotsanula. Zikatero kambirimbiri, pamabadwa phiri lotambalala, lotsetsereka pang'onopang'ono, lomwe ndi shildi, kutanthauza chishango chogona pansi. Mauna Loa ku Hawaii ndi wotero. Ndi wamtali mamita 4,169 kuchokera pamwamba pa nyanja, koma ukamuonera patali sungamupatse ulemu. Anatsanula komaliza mu 2022.

Kompoziti ndiye wakupha anthu. Chiphalaphala chake chili ndi silika wambiri, ndi chozizirako, chomata, ndipo chimauma pafupi ndi pakamwa pa phiri, mwina kutsekeratu. Mpweya umadzikundika mkati kwa zaka mazana, tsiku lina n'kuphulitsa zonse. Ulendo wina kumagwa phulusa ndi miyala, ulendo wina kumatsika chiphalaphala, ndipo kusanjikizana kumeneku ndi komwe kumamanga phiri lalitali losongoka ngati Fuji ku Japan kapena Kilimanjaro. Chakupha kawirikawiri si chiphalaphala ayi, koma mtambo wotentha wa phulusa ndi mpweya womwe umatsika phiri mwaliwiro loti sungauthawe, ndiponso matope. Mu 1985 phiri la Nevado del Ruiz ku Colombia linasungunula madzi oundana a pansonga pake, matope anakwirira tauni ya Armero, ndipo anthu oposa 20,000 anafa.

Phiri lomera m'munda

Pa 20 Febuluwale 1943, mlimi wina ku Mexico, Dionisio Pulido, anaona nthaka ikung'ambika m'munda wake wa chimanga, utsi n'kuyamba kufuka. Umu ndi momwe linabadwira phiri la Paricutin, sinda koni yodziwika kwambiri. Apa chiphalaphala ndi chamadzimadzi ndithu, koma chodzaza mpweya, motero chimathovokera m'mwamba m'zidutswa. Zidutswazo zimauma zisanafike pansi, n'kukhala timiyala topepuka tamaboomaboo, tomwe timaunjikana mozungulira dzenje. Mulu wa timiyala tosamatana umaima motsetsereka pa madigiri 30 mpaka 35, ukapitirira umagumuka, n'chifukwa chake mbali zake zimaoneka zowongoka. Muluwo ndi wofooka, ndiye chiphalaphala chikamatuluka chimaboola m'munsi osati pamwamba. Cha Paricutin chinakwirira mudzi wa San Juan Parangaricutiro, kusiya nsanja ya tchalitchi ikusuzumira. Pofika 1952 phirilo linali litatalika mamita 424, ndipo linazimiratu. Ambiri a mtundu uwu amaphulika nyengo imodzi yokha, ndipo nthawi zambiri amamera m'mbali mwa mapiri akuluakulu aja.

Usatengenso mawu angawa ngati lamulo losasweka. Nyiragongo ku Congo ndi kompoziti wosongoka bwinobwino, koma chiphalaphala chake ndi chamadzimadzi kwambiri, ndipo mu 2002 chinathamanga mpaka kudutsa mkati mwa mzinda wa Goma. Mabuku a sukulu sakonda zoterezi chifukwa zimawononga tebulo lawo.

Pa mayeso, yambira pa silika. Akachepa, chiphalaphala chimayenda, kuphulika n'kofatsa, phiri limatambalala. Akachuluka, chimamata, kuphulika n'koopsa, phiri limatalika mosanjikizana. Ukaona kaphiri kakang'ono ka timiyala tokhatokha, kali ndi dzenje pamwamba, lemba kuti sinda koni, ndipo utchule Paricutin.