Galu wanga kapena galu yanga?

"Mwana wanga wobadwira ku Mbare amalemba kuti 'galu yanga'. Ndimuwongolere bwanji?"

Mayi, cholondola ndi "galu wanga", ndipo mumuphunzitse kuti aziyamba waloza chinthucho: popeza timati galu uyu, nyumba iyi, khasu ili, timatinso galu wako, nyumba yako, khasu lako. Ndaona kuti ana athu kuno ku Harare amatengera Chishona, chimene chimati "imbwa yangu", pomwe m'Chichewa galu ali m'gulu limodzi ndi munthu. Asadalirenso chiyambi cha dzina chokha, chifukwa mphaka ndi wanga koma mphasa ndi yanga, ngakhale mayinawo akuyamba mofanana. Ngati zolembazo ndi zokasindikiza, mphunzitsi wa Chichewa aziwone kaye.