Mphiri ikaluma ku ntchito ya m'gadeni

"Abale, ndimagwira ya m'gadeni ku Midrand, kuno ku Joni, ndipo udzu wakula ndi mvulayi. Dzulo taona mphiri kuseri kwa thanki. Ikaluma munthu titani? Ena akuti timange mwendo ndi chingwe n'kutema mphini."

Achimwene, amene akuuzani za chingwezo asakuphetseni mwendo. Ululu wa mphiri umawononga mnofu pamalo pomwe yalumapo. Mukamanga zolimba, magazi amasiya kuyenda, ululu wonse umaunjikana pamodzi, mnofu n'kuyamba kuwola. Ena odulidwa mwendo amafika kuchipatala atamangidwa choncho. Mphini nazo sizitulutsa kanthu, chifukwa mano a mphiri ndi aatali, amasiya ululu mkati kwambiri. Lezala amangotsegula njira ya matenda, komanso ululuwu umatha kulepheretsa magazi kuundana, ndiye bala limangochucha. Kuyamwa ndi pakamwa, kamwala kakuda kaja, parafini, phulusa, zonsezi n'kutaya nthawi.

Tinene kuti yamuluma mnzanu pakakolo 10 koloko m'mawa. Mchotseni pafupi ndi njokayo, agone pansi, asayende. Mvuleni jombo ndi sokosi msanga mwendo usanatupe, apo ayi mudzachita kung'amba ndi mpeni. Mwendowo ukhale phee, mutha kuyika thabwa m'mbali n'kukulunga ndi nsalu mosathina kuti bondo lisapindike. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, koma ngati galimoto ya abwana ilipo munyamuleni, musadikire.

Tengani bolopeni mulembe mzere pomwe kutupa kwalekezera, pambali pake 10:00. Pakatha mphindi 30 lembaninso. Ngati pofika 11 koloko mzere wachoka pakakolo wayandikira bondo, kutupako kukuthamanga, ndipo adokotala amayang'ana zimenezi poganiza zopereka jakisoni wopha ululu wa njoka. Jakisoniyu amaperekedwa kuchipatala chachikulu chokha chifukwa anthu ena amawabanikitsa, ndiye musazungulire ku kiliniki kapena ku famase. Kuchokera ku Midrand, chipatala cha boma cha Tembisa ndicho chili pafupi. Ku chipatala cholipira kabotolo kamodzi ndi masauzande a marandi ndipo pamafunika angapo. Za mapepala musaope, malamulo a dziko lino salola kubweza munthu wofunika thandizo la mwadzidzidzi.

Akamalira ndi kupweteka mpatseni Panado. Grand-Pa ndi Disprin ayi, muli asipirini amene amawonjezera kutaya magazi. Mowa asalawe.

Njoka musaithamangire kuti muiphe, ijambuleni muli patali basi. Joni muno njoka yoopsa yochuluka ndi rinkhals, yakuda ya mizere yoyera pakhosi. Imagona chagada ngati yafa, munthu akati aitole ndi pomwe imaluma. Imalavuliranso m'maso. Zikatero tsukani diso pampopi mphindi 15 mpaka 20 zikope mutazitsegula, osatikita, kenako kuchipatala akaone ngati diso lakandika.