Kusanza ndi chizungulire pambuyo pothyola fodya wonyowa

"Zikomo achimwene. Ine ndi amuna anga timalima fodya wa bale ku Kasungu. Chiyambireni kuthyola mu Januwale, amuna anga ndi mlongo wanga wa zaka 16 akumabwera madzulo akumva chizungulire, mutu ukuwawa, kenaka n'kuyamba kusanza. Kuchipatala anawayeza malungo koma sanawapeze nawo. Akagona masiku awiri amachira, akabwerera kumunda zimayambiranso. Kodi ndi matenda anji, nanga tingatani poti fodya sangadikire?"

Mayi, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda obwera chifukwa chogwira fodya wamuwisi ali wonyowa. Woyambitsa wake ndi chikonga, poizoni uja amene amachititsa kuti wosuta fodya avutike kusiya. Anthu ambiri amaganiza kuti chikonga chimalowa m'thupi pokhapokha munthu akasuta kapena kufwenkha, koma chimalowanso kudzera pakhungu, ndipo pamenepa ndi pamene pali vuto lanu.

Chikonga chimasungunuka m'madzi. Tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, madzi amene ali pamwamba pake amatenga chikonga, ndipo aliyense wodutsa m'mizere amasamba madzi amenewo m'manja, m'mikono, pachifuwa ndi m'ntchafu. Taganizirani mmene tsiku la amuna anu limayendera. Amalowa m'munda mbandakucha mame ali ponseponse, ndipo pomatha mzere woyamba malaya ndi thalauza zimakhala zitanyowa kale. Masamba amene athyola amawapanira m'khwapa, pamalo pamene khungu ndi lopyapyala komanso pamatuluka thukuta lambiri. Dzuwa likakwera thupi limatentha, magazi amayenda kwambiri pafupi ndi khungu, ndipo chikonga chimalowa msanga kuposa m'mawa. Masana amakakhala pachigafa n'kuyamba kusoka fodya ndi kumupachika pa mikangala atavala malaya omwe aja, moti ngakhale atuluka m'munda, nsaluyo imapitiriza kuthira poizoni pakhungu mpaka nthawi yosamba usiku. Ngati m'manja muli mabala kapena ming'alu, njira imakhala yotseguka kwambiri.

Zizindikiro zimachedwa kuoneka, ndipo n'chifukwa chake anthu sazigwirizanitsa ndi ntchito ya m'mawa. Kawirikawiri zimayamba pakadutsa maola pakati pa 3 ndi 17 chigwirireni fodya, kotero wothyola m'mawa amadwala madzulo kapena usiku. Amamva mseru, chizungulire ndi mutu, amasanza, amafooka, nthawi zina m'mimba mumapota, thukuta limatuluka lambiri ndipo mtima umagunda mosiyana ndi masiku onse. Thupi limachotsa lokha chikonga, choncho ambiri amapeza bwino pakatha tsiku limodzi mpaka atatu ngati sanakhudzenso fodya. Kudwala akagwira ntchito, kuchira akapuma, ndi kudwalanso akabwerera ndi chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri, makamaka ngati anthu awiri a m'munda umodzi akudwalira limodzi pamene otsala pakhomo ali bwinobwino.

Komabe ndikupempheni kuti musamangoti kusanza kulikonse kwa m'dzinja ndi fodya. Malungo amabwera ndi kutentha thupi, kumene si kwachizolowezi pa matenda a chikonga, choncho thupi likatentha kayezetseninso ngakhale ulendo watha sanapeze kanthu. Kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha m'nyengo ya mvula kungakhale kolera. Choopsa china ndi mankhwala ophera tizilombo amene amapoperedwa mu fodya, chifukwa poyamba zizindikiro zake zimafanana ndi za chikonga. Ngati m'munda munapoperedwa posachedwa ndipo wodwalayo akutuluka dovu lambiri ndi misozi, minofu ikugwedezeka yokha, akupuma movutikira, kapena kadontho kakuda ka pakati pa diso kachepa kwambiri, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo. Chitaninso chimodzimodzi munthu akakomoka, akamalankhula zosokonekera, akasiya kukodza, kapena akamabweza chilichonse chimene wamwa. Mukafika, uzani adokotala momveka kuti wodwalayo wakhala akuthyola fodya wonyowa, chifukwa popanda kuwauza amayamba kuganizira matenda ena.

Zikakhala kuti sizinafike pamenepo, thandizo loyamba ndi la pakhomo pomwe. Wodwala avule zovala zonse za kumunda, asambe thupi lonse ndi sopo ndi madzi osatentha, agone pamthunzi, ndipo azimwa madzi aukhondo kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono koma pafupipafupi, popeza chimene chimagonetsa anthu m'chipatala nthawi zambiri ndi kutha kwa madzi m'thupi chifukwa cha kusanza. Mkaka suchotsa chikonga m'magazi, ndipo mowa umangowonjezera kutha kwa madziko. Asabwerere kumunda mpaka mseru ndi chizungulire zitatheratu.

Kupewa konse kwagona pa chinthu chimodzi, kuti madzi a pa tsamba asakhalitse pakhungu. Njira yosafuna ndalama ndi kusintha ndondomeko ya tsiku. Ntchito za pachigafa ndi zina za pakhomo zichitike m'mamawa, kuthyola kuyambe mame atauma, ndipo mvula ikagwa dikirani masamba aume. Ndikudziwa kuti mu Febuluwale mvula imatha kugwa sabata yathunthu fodya akupsa m'munda, ndiye pa masiku otero pamafunika chotchinga chosalowa madzi, monga jekete la mvula kapena pepala la pulasitiki loboola pakati lophimba chifuwa ndi m'khwapa, pamodzi ndi magolovesi a labala. Magolovesi a nsalu akanyowa amasunga chikonga m'malo motchinga, ndipo n'chimodzimodzinso malaya a manja aatali, amene amateteza pokhapokha ali ouma. Pulasitiki nayo ili ndi vuto lake, chifukwa imatenthetsa thupi ndipo munthu angakomoke nayo padzuwa, choncho ivulidwe masamba akangouma ndipo madzi akumwa akhale pafupi. Amuna anu azitenga malaya achiwiri, sopo ndi chigubu cha madzi, kuti akatuluka m'mizere asambe m'manja, m'mikono ndi m'khwapa n'kusintha zovala asanadye kapena kuyamba kusoka. Masamba aziikidwa pa saka kapena mu dengu m'malo mopanira m'khwapa. Inunso pochapa zovala zimenezo muzizipatula ku za ana.

Mwina mudzamva ena akunena kuti osuta sadwala matendawa. N'zoona kuti thupi la wosuta linazolowera chikonga ndipo sadwala kawirikawiri ngati wosasuta, koma nayenso amadwala chikachuluka, ndipo kuyamba kusuta pofuna kudziteteza n'kudziitanira matenda aakulu a m'mapapo ndi mtima.

Nkhani ya mlongo wanu ndi imene yandikhudza kwambiri. Thupi la mwana ndi laling'ono komanso silinazolowere chikonga, choncho mlingo womwewo umamupweteka kuposa wamkulu. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi, ndipo linanena kuti pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa m'thupi chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi cha ndudu pafupifupi 50. Malamulo a ntchito a dziko lino amaletsanso kugwiritsa ntchito zoika moyo pachiswe aliyense wosakwana zaka 18. Kwa iyeyu magolovesi si yankho. Mupatseni ntchito zina zosakhudza fodya wamuwisi, ndipo ngati manja achepa, ndi bwino kupangana chipeleganyu ndi akuluakulu anzanu pa masiku othyola.